Peresenti ya anthu angati? Kusanthula kafukufuku wamng'ono wa anamwino

Wophunzira unamwino akamayandikira kumaliza maphunziro a digiri m'sukulu zaukachenjede monga ya KUHeS kapena ya Mzuzu, nthawi zambiri amayenera kuchita kafukufuku wakewake. Ndalama zimakhala zochepa, nthawi nayo yochepa, choncho ambiri amalemba mafunso papepala, n'kugawira anamwino kapena odwala makumi angapo pachipatala chimodzi. Mapepalawo akabwerera, ntchito imene yatsala imaoneka yopepuka: kuwerenga mayankho, kupeza maperesenti, kujambula matchati awiri kapena atatu. Komatu ndi pomwepa pamene malipoti ambiri amasokonekera, chifukwa anthu akakhala ochepa, peresenti imatha kunena zinthu zazikulu kuposa zimene mapepalawo ananena.

Kuti nkhaniyi imveke, titsatira kafukufuku mmodzi wongoyerekeza kuyambira pa mulu wa mapepala mpaka pa chiganizo chimene chimalembedwa mu lipoti. Manambala ake ndi opeka pofuna kuphunzitsa, si a chipatala chilichonse. Koma funso lake ndi lenileni. Namwino akabayidwa mwangozi ndi singano imene yagwiritsidwa kale ntchito pa wodwala, atha kutenga kachilombo ka HIV kapena ka matenda a chiwindi a mtundu wa B. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa msanga, pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28. Namwino amene wabayidwa n'kukhala chete ndiye kuti wadzimana chitetezo chimenechi. Wofufuza wathu akufuna kudziwa kuti ndi anamwino angati amene anabayidwapo m'miyezi 12 yapitayo, ndi angati anakanena, ndipo amene sananene analekeranji.

Wagawa mapepala 50, ndipo abwerera 40.

Kuchokera papepala kupita pakompyuta

Ntchito yoyamba si ya masamu ayi. Pepala lililonse limalembedwa nambala pakona, kuyambira 1 mpaka 40, kuti pakapezeka chokayikitsa pakompyuta munthu athe kubwerera ku pepala lenilenilo. Kenako wofufuza amatsegula pulogalamu monga Excel kapena SPSS n'kukonza tebulo lalikulu limene lamulo lake ndi limodzi: mzere uliwonse wogona ndi munthu mmodzi, mzere uliwonse wotsika ndi funso limodzi. Mayankho a mawu amasinthidwa kukhala manambala, mwachitsanzo 1 kuimira inde ndi 2 kuimira ayi, ndipo tanthauzo la nambala iliyonse limalembedwa papepala lina lapadera. Amene amanyozera pepala limeneli amadzapezeka patatha mwezi akuyang'ana mzere wodzadza ndi 1, 2 ndi 3 osakumbukira ngati 3 anali wodi ya ana kapena ya amayi.

Pali msampha umodzi umene ndi bwino kuuona mwatsatanetsatane, chifukwa umakola ngakhale anthu osamala. Ofufuza ambiri amaphunzitsidwa kulemba 99 pamene munthu sanayankhe funso. Chizolowezichi si choipa, bola pulogalamuyo iuzidwe kuti 99 si yankho. Mu SPSS zimenezi zimachitika pa danga la Missing mu Variable View. Excel ilibe danga lotere, ndipo imatenga 99 ngati nambala ina iliyonse.

Tiyerekeze kuti pa funso lakuti "mwagwira ntchito ya unamwino zaka zingati" anayankha ndi anthu 38, ndipo zaka zawo zonse pamodzi ndi 228. Avereji yoona ndi 228 kugawa ndi 38, zimene ndi zaka 6. Koma ngati awiri amene sanayankhe alembedwa 99 aliyense, chiwonkhetso chimakwera kufika 426, ndipo kugawa ndi 40 kumapereka zaka pafupifupi 11. Kompyuta sidandaula. Imangopereka yankho, ndipo lipoti limanena kuti anamwino a pachipatalapo ndi akale pantchito kuwirikiza pafupifupi kawiri mmene alili.

Njira yogwirira cholakwa chotere ndi yachidule. Asanawerenge china chilichonse, wofufuza afunse nambala yaing'ono kwambiri ndi yaikulu kwambiri mu mzere uliwonse. Ngati zaka za ntchito zili mu mzere C, malamulo ake ndi awa:

```
=MIN(C2:C41)
=MAX(C2:C41)
```

Yankho likabwera 99, n'zodziwikiratu kuti palibe namwino amene wagwira ntchito zaka 99. Njira yomweyi imaulula 11 amene analowa pamalo pa 1 chifukwa chala chinagunda kawiri, kapena namwino wa zaka 24 zakubadwa amene akuoneka kuti wagwira ntchito zaka 20. Mu Excel, chinthu chanzeru ndi kungosiya danga lopanda kanthu pamene munthu sanayankhe, popeza lamulo la AVERAGE limadumpha madanga opanda kanthu. Koma kulemba 0 n'kulakwanso, chifukwa 0 amawerengedwa ngati yankho.

Nambala ya pansi

Tsopano tifike pa funso lalikulu: kodi munabayidwapo ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito m'miyezi 12 yapitayi? Ngati mayankho ali mu mzere D, kuwerenga kwake ndi uku:

```
=COUNTIF(D2:D41,1)
=COUNT(D2:D41)
=COUNTBLANK(D2:D41)
```

Lamulo loyamba likuwerenga amene anati inde, ndipo lapeza 14. Lachiwiri likuwerenga onse amene anayankha, 38. Lachitatu likuwerenga amene anadumpha funsolo, 2. Choncho amene anati ayi ndi 24.

Peresenti iliyonse ndi nambala ya pamwamba yogawidwa ndi ya pansi, n'kuchulukitsa ndi 100. Ya pamwamba apa ilibe mkangano, ndi 14. Mkangano uli pa ya pansi. Tikagawa ndi anthu 40 amene anabweza mapepala, tipeza 35 peresenti. Tikagawa ndi 38 amene anayankhadi funsoli, tipeza pafupifupi 37 peresenti. SPSS imapereka zonse ziwiri moyandikana, yoyamba pansi pa mutu wa Percent, yachiwiri pansi pa Valid Percent, ndipo wophunzira wosadziwa amangotola imene diso lake layamba kuona. Yoyenera kwambiri apa ndi yachiwiri, chifukwa kugawa ndi 40 kuli ngati kunena kuti awiri amene anakhala chete aja sanabayidwe, pamene palibe akudziwa zimenezo.

Kusiyana kwa 35 ndi 37 n'kwakung'ono, ndipo wina atha kunena kuti tikulimbana ndi zopanda pake. Funso lotsatira ndi limene likuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Papepala panalembedwa kuti amene ayankha inde apitirize ndi funso lakuti "kodi munakanena kwa akuluakulu a pachipatala?", ndipo amene ayankha ayi alidumphe. Mwa anthu 14 aja, 5 anakanena, 9 sananene. Wofufuza wothamanga amagawa 5 ndi 40 n'kulemba kuti 12.5 peresenti yokha ya anamwino ndi imene imanena ikabayidwa. Chiganizo chimenechi ndi chabodza. Anthu 24 amene sanabayidwe analibe choti akanene, ndipo sayenera kulowa m'nambala ya pansi. Choona ndi 5 mwa 14, pafupifupi 36 peresenti. Vuto likadalipo, pakuti 9 mwa 14 anakhala chete, koma cholakwa cha nambala ya pansi chinalikulitsa kuposa mmene mapepala akunenera, ndipo mkulu wa anamwino akachitulukira sadzakhulupiriranso tsamba lina lililonse la lipotilo.

N'chifukwa chake m'kafukufuku wamng'ono peresenti siyenera kuyenda yokha. Ilembedwe limodzi ndi manambala amene aibereka: 14 mwa 38, 5 mwa 14. Pagulu la anthu 14, munthu mmodzi yekha ndi maperesenti 7. Namwino mmodzi akanayankha mosiyana, 36 ikanakhala 43 kapena 29. Pachifukwa chomwecho kulemba 35.71 peresenti n'kudzinamiza, chifukwa manambala a kuseri kwa kadontho akulonjeza kulondola kumene anthu 14 sangapereke. Nambala yathunthu ndi yokwanira.

Palinso anthu ena amene malipoti ambiri amawaiwala: anamwino 10 amene sanabweze mapepala. Kubwerera kwa mapepala 40 mwa 50, kumene ndi 80 peresenti, n'kwabwino ndithu, koma tikaphatikiza 10 amenewa ndi awiri amene anadumpha funso, tili ndi anthu 12 amene yankho lawo silikudziwika. Ngati onsewa sanabayidwe, obayidwa ndi 14 mwa 50, kapena 28 peresenti. Ngati onse anabayidwa, ndi 26 mwa 50, kapena 52 peresenti. Choona chili pakati pa malire awiriwa. Ndipo pa nkhani ngati iyi pali chifukwa chokayikirira kuti amene anakhala chete si ofanana ndi amene anayankha: wina sanabweze pepala chifukwa anali wotanganidwa kwambiri, ndipo otanganidwa ndi amenenso angabayidwe kawirikawiri, wina anachita manyazi chifukwa anabayidwa koma sanakanene. Kuwerengera kumeneku kumatenga mphindi ziwiri zokha, ndipo kumasonyeza wowerenga kutalika kwa chingwe chimene 37 peresenti ija yamangidwa nacho.

Avereji ndi nambala ya pakati

Si funso lililonse limene limafuna peresenti. Mayankho a kafukufuku alipo a mitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi njira yake. Ena ndi magulu chabe, monga wodi imene munthu amagwirako ntchito kapena inde ndi ayi, amenewa amangowerengedwa. Kupeza avereji ya wodi kulibe tanthauzo, ngakhale kompyuta ingaipereke mosanyinyirika popeza mawodi analembedwa ndi manambala. Ena ndi miyeso yeniyeni, monga zaka kapena maola. Achitatu ndi mayankho okhala ndi makwerero, monga kuyambira pa "ndikutsutsa kwambiri" kufika pa "ndikuvomereza kwambiri".

Pa miyeso yeniyeni, chida chimene aliyense amathamangira ndi avereji. Anamwino 5 amene anakanena aja anafunsidwa kuti panatha maola angati asananene, ndipo mayankho anali 1, 2, 2, 5 ndi 70. Chiwonkhetso ndi 80, avereji ndi maola 16. Koma tayang'anani manambalawo: palibe ndi mmodzi yemwe amene anadikira maola oyandikira 16. Anayi ananena pasanathe maola 6, ndipo mmodzi anatsala pang'ono kupitirira malire a maola 72. Munthu mmodziyu wakokera avereji kumbali yake.

Apa m'pamene imagwira ntchito mediyani, yomwe ndi nambala ya pakati. Manambala amandandalikidwa kuyambira waung'ono mpaka waukulu, n'kutenga wapakatikati, ndipo akakhala awiri pakatipo amaphatikizidwa n'kugawidwa ndi 2. Pa mndandanda wathu mediyani ndi maola 2. Namwino wotsirizayo akanadikira ngakhale maola 700, mediyani ikanakhalabe 2. Mu Excel lamulo lake ndi MEDIAN, ndipo chizolowezi chabwino ndi kupeza zonse ziwiri n'kuziyerekeza. Zikayandikana, avereji ndi yodalirika. Zikatalikirana ngati 16 ndi 2, ndiye kuti pali manambala ochepa amene apatuka kwambiri, ndipo mediyani ndi imene ikulongosola bwino gululo.

Izi sizikutanthauza kuti wa maola 70 uja afufutidwe. Choyamba wofufuza abwerere ku pepala kukaona ngati sipanalembedwe 7. Ngati ndi 70 ndithu, kwa anthu a zaumoyo ameneyu ndiye wofunika kuposa anzake onse, chifukwa ndiye amene anatsala pang'ono kuphonya mankhwala. Mediyani ikalembedwa yokha imamubisa, choncho izitsagana ndi nambala yaing'ono ndi yaikulu: mediyani maola 2, kuyambira ola limodzi kufika maola 70. Ndipo kunena zoona, anthu akakhala 5 okha, palibe chifukwa chofupikitsira chilichonse. Manambala onse asanu amakwana mu mzere umodzi, ndipo wowerenga adzadzionera yekha.

Mayankho a makwerero ali ndi vuto lawolawo. Njira yofunsira imeneyi inatchuka ndi katswiri wa ku America, Rensis Likert, m'chaka cha 1932, ndipo lero imapezeka pafupifupi m'kafukufuku aliyense wa anamwino. Wofufuza wathu analemba chiganizo chakuti "Ndikudziwa zoyenera kuchita ndikabayidwa ndi singano", ndipo anthu onse 40 anasankha pakati pa 1, kutsutsa kwambiri, ndi 5, kuvomereza kwambiri. Zotsatira zili m'tebulo ili.

| Yankho | Anamwino | Peresenti |
|---|---|---|
| 1. Ndikutsutsa kwambiri | 12 | 30 |
| 2. Ndikutsutsa | 6 | 15 |
| 3. Ndili pakatikati | 4 | 10 |
| 4. Ndikuvomereza | 6 | 15 |
| 5. Ndikuvomereza kwambiri | 12 | 30 |
| Onse | 40 | 100 |

Avereji ya mayankho amenewa ndi 3 ndendende, ndipo mediyani nayonso ndi 3. Amene angangolemba nambala imeneyi adzauza akuluakulu a chipatala kuti anamwino awo akudziwa pang'ono, ali pakatikati. Koma ali pakatikati ndi anthu 4 okha. Chimene tebulo likuonetsa ndi magulu awiri osiyana kotheratu: 18 amene akuti akudziwa ndi 18 amene akuti sakudziwa. Kusiyana kumeneku kuli ndi zotsatira pa ntchito. Gulu la anthu odziwa pang'ono lingafunike kungokumbutsidwa pa msonkhano wa mmawa, pamene kukhalapo kwa anthu 18 osadziwa kukudzutsa funso lina: kodi ndi ndani? Mwina ndi amene angolembedwa kumene ntchito, mwina ndi a wodi imene maphunziro sanafikeko. Palinso chifukwa china chochenjerera ndi avereji pa mayankho otere. Manambala 1 mpaka 5 ndi zizindikiro chabe za makwerero, ndipo palibe umboni wakuti mtunda wochoka pa "ndikutsutsa" kufika pa "ndili pakatikati" ndi wofanana ndi wochoka pa "ndikuvomereza" kufika pa "ndikuvomereza kwambiri".

Mafunso awiri m'tebulo limodzi

Lipoti limayamba kukhala ndi phindu pamene funso limodzi layang'anidwa kudzera m'linzake. Wofufuza akufuna kuona ngati kubayidwa kukusiyana malinga ndi wodi. Popeza anthu ndi ochepa, waphatikiza mawodi kukhala magulu awiri, wodi ya amayi oyembekezera ndi mawodi ena onse, ndipo mu Excel chida cha PivotTable chimamupatsa izi:

| Wodi | Anabayidwa | Sanabayidwe | Onse |
|---|---|---|---|
| Ya amayi oyembekezera | 9 | 7 | 16 |
| Mawodi ena | 5 | 17 | 22 |
| Onse | 14 | 24 | 38 |

Choyamba n'kuona ngati tebulo likutseka. Ziwonkhetso za mizere yogona, 16 ndi 22, zikupereka 38, ndipo za mizere yotsika, 14 ndi 24, zikuperekanso 38, nambala yomwe ija ya anthu amene anayankha funsoli. Zikapanda kugwirizana, ndiye kuti pali munthu amene watayika kapena wawerengedwa kawiri.

Kenako pabwera funso lomwe lija la nambala ya pansi. Nambala 9 itha kugawidwa ndi 14 kapena ndi 16, ndipo mayankho ake ndi a mafunso awiri osiyana. Kugawa ndi 14 kukupereka 64 peresenti, ndipo kukutanthauza kuti mwa anthu amene anabayidwa, ochuluka chotero ndi a ku wodi ya amayi. Nambala imeneyi imadalira kuchuluka kwa anamwino a wodiyo amene analowa m'kafukufuku: akanakhala kuti ambiri mwa ofunsidwa ndi a kumeneko, ikanakwera ngakhale wodiyo isali yoopsa kuposa zina. Funso lenileni la wofufuza ndi lakuti, mwa anamwino a wodi iliyonse, anabayidwa ndi angati? Yankho lake ndi 9 mwa 16, pafupifupi 56 peresenti, poyerekeza ndi 5 mwa 22, pafupifupi 23 peresenti. Lamulo losavuta kukumbukira ndi lakuti peresenti iwerengedwe mkati mwa magulu amene akuyerekezedwa.

Kusiyana kwa 56 ndi 23 n'kwakukulu, ndipo n'koyenera kulembedwa. Koma tebulo silikunena chifukwa chake. N'zoona kuti azamba amasoka mabala a amayi akabereka ndipo amagwira singano pafupipafupi, nthawi zina mothamanga. Kungakhalenso kuti wodiyo ili ndi anamwino ambiri atsopano, kapena kuti anthu ake amakhala pantchito usiku kawirikawiri, kapena kuti anangokhala omasuka kuulula. Masamu ofotokozera zimene zapezeka amathera pa kulongosola anthu amene anafunsidwa. Mawu ngati "kugwira ntchito ku wodi ya amayi kumachititsa kubayidwa" alibe malo mu lipoti lotere, ndiponso zimene zapezeka pachipatala chimodzi, kwa anthu amene anapezeka pantchito sabata imeneyo, sizingayankhulire anamwino onse a m'Malawi.

Tchati

Kujambula manambala si chinthu chachilendo m'ntchito ya unamwino. M'chaka cha 1858 Florence Nightingale anafalitsa chithunzi chotchuka chosonyeza imfa za asilikali a ku Britain pa nkhondo ya ku Crimea mwezi ndi mwezi, kuyambira Epulo 1854 mpaka Malichi 1856. Anasiyanitsa ndi mitundu imfa za matenda opewedwa, za mabala a kunkhondo ndi za zifukwa zina, ndipo aliyense woyang'ana ankaona msanga kuti matenda anapha asilikali ochuluka kwambiri kuposa mabala. Chithunzicho chinali ndi mfundo imodzi, ndipo chinajambulidwa kuti anthu olamula aione.

Muyeso womwewo ndi umene uyenera kugwiritsidwa ntchito pa tchati chilichonse cha wophunzira. Malipoti ambiri amakhala ndi tchati pa funso lililonse, ngakhale la amuna ndi akazi, limene chiganizo chimodzi chikanalimaliza. M'kafukufuku wathuyu matchati oyenera ndi awiri kapena atatu basi. Mayankho a makwerero aja akajambulidwa ndi mizati isanu yoimirira, mizati iwiri yaitali m'mbali ndi waufupi pakati zimaonetsa kugawikana kwa anamwinowo mofulumira kuposa tebulo. Mizatiyo iyenera kutsata dongosolo la makwerero, 1 mpaka 5, osati kuyambira wautali.

Tchati cha mizati chili ndi lamulo limodzi losasintha: muyeso wa m'mbali uyambire pa 0. Diso limayerekeza kutalika kwa mizati, choncho ngati muyeso wayambira pa 20, mzati wa 23 umaoneka ngati kachitsa pamene wa 56 ukuoneka wautali kuwirikiza ka 12, chonsecho kusiyana kwenikweni ndi kawiri ndi theka. Nthawi zina Excel imadzisankhira yokha poyambira manambala akakhala oyandikana, ndiye ndi bwino kuyang'ana m'mbalimo musanasindikize. Zokongoletsa zopangitsa mizati kuoneka ngati njerwa zisiyidwe, chifukwa zimasokoneza poti mzati wathera pati. Ndipo poti malipoti ambiri amasindikizidwa ndi inki yakuda yokha, mitundu yofiira ndi yobiriwira imene imawala pakompyuta imadzatuluka yotuwa mofanana. Nambala ilembedwe pamwamba pa mzati uliwonse, ndipo mutu wa tchati unene kuti anthu ake ndi angati.

Tchati chozungulira, chija chogawidwa zidutswa ngati keke, ndiye chimene ophunzira amachikonda kwambiri, komanso chimene chimalakwika kwambiri. Chimagwira ntchito pokhapokha zidutswa zonse zikamapanga chinthu chimodzi chathunthu, munthu aliyense ali m'chidutswa chimodzi chokha. Taonani funso lotsiriza la kafukufuku wathu. Anamwino 9 amene sananene anafunsidwa chifukwa, ndipo analoledwa kusankha mayankho oposa limodzi. Anthu 6 anati anali otanganidwa, 4 anati ankaopa kuyezedwa magazi, 3 anati sankadziwa kokanena. Mayankho onse ndi 13 ngakhale anthu ndi 9, ndipo maperesenti ake, 67, 44 ndi 33, akupereka 144. Apa palibe cholakwa, chifukwa ena anasankha zifukwa ziwiri. Cholakwa chimabwera manambalawa akaikidwa m'tchati chozungulira. Pulogalamu imawafinya kuti akwane 100 pogawa ndi 13, ndipo otanganidwa aja amatsika kuchoka pa 67 kufika pa 46 peresenti. Wowerenga amaganiza kuti ndi ochepera theka, pamene ndi awiri mwa atatu alionse. Choyenera apa ndi mizati itatu yogona, yolembedwa 6, 4 ndi 3, ndi mawu pansi pake onena kuti anthu anali 9 ndipo aliyense amatha kusankha zifukwa zingapo. Pakompyuta funso lotere silikwana mu mzere umodzi wotsika: chifukwa chilichonse chimafuna mzere wake wa inde kapena ayi.

Pali chinthu chinanso chimene matebulo a kafukufuku wamng'ono amachita mosayembekezereka, ndicho kuulula anthu. Makomiti oona za ufulu wa anthu olowa m'kafukufuku, monga ya ku KUHeS, amafuna kuti mayankho asungidwe mwachinsinsi, ndipo ofufuza amachitadi zimenezo posalemba mayina papepala. Koma ngati ku wodi ya amayi kuli namwino wamwamuna mmodzi yekha, tebulo logawa anthu mwa wodi komanso mwa amuna ndi akazi, n'kuonetsa kuti mwamuna mmodzi wa wodiyo anabayidwa ndipo sananene chifukwa choopa kuyezedwa magazi, lamutchula munthuyo ngati kuti dzina lake lalembedwa. Aliyense pachipatalapo adzamudziwa. Danga la tebulo likakhala ndi munthu mmodzi kapena awiri pa nkhani yotere, magulu aphatikizidwe, kapena tebulolo lichotsedwe.

Zonsezi zikachitika, ndime ya zotsatira imakhala yaifupi modabwitsa. Wofufuza wathu angalembe kuti mwa anamwino 50 amene anapatsidwa mafunso, 40 anabweza, ndipo 38 anayankha funso la kubayidwa. Kuti 14 mwa 38, pafupifupi 37 peresenti, anati anabayidwapo m'miyezi 12 yapitayo, 9 mwa 16 ku wodi ya amayi oyembekezera ndi 5 mwa 22 m'mawodi ena. Kuti mwa 14 amenewa 5 anakanena, anayi pasanathe maola 6 ndipo mmodzi patatha maola 70. Ndipo kuti mwa 9 amene sananene, 6 anatchula kutanganidwa, 4 kuopa kuyezedwa ndi 3 kusadziwa kokanena. Mawu akuti "anati anabayidwapo" asasinthidwe kukhala "anabayidwa", chifukwa kafukufuku wa mafunso amayeza zimene anthu akumbukira ndi zimene alola kuulula, ndipo kubayidwa pang'ono kwa miyezi 11 yapitayo n'kosavuta kuiwala.